Mafunso ndi mayankho: kulemba mafunso osanja masitepe, monga a chithandizo choyamba

Ndimaphunzitsa chithandizo choyamba, fesiteidi ija, kwa achinyamata a mpingo wathu ku Highfield kuno ku Harare, komanso nthawi zina amandiitana ku Mufakose ndi ku Mabvuku. Aphunzitsi anzanga amene tinaphunzira limodzi akhala akundifunsa zinthu zofanana zokhazokha pa nkhani ya mafunso aja omwe umasokoneza masitepe kenako ophunzira nkumawasanja, nde ndati ndingoyankha kamodzi pano. Mafunsowa ndawalemba mmene amabwerera.

Funso losanjali ndi lotani kwenikweni, silofanana ndi la sankhani yankho?

Ayi. Mu funso la sankhani yankho, wophunzira amangozindikira chinthu chimodzi cholondola pakati pa zinayi. Mu losanja, zonse zomwe wapatsidwa ndi zolondola, ntchito yake ndi kunena kuti chiyambe ndi chiti, chitsatire ndi chiti. Pafupifupi aliyense amene wakhala mkalasi Loweruka limodzi amadziwa kuti munthu wakomoka timamuyang'ana kupuma ndipo timakankha pachifuwa. Koma mufunseni kuti muyamba ndi chani, mupeza theka la kalasi likuthamangira pachifuwa munthu akupuma bwinobwino. Mpata umenewo ndi womwe funso losanja limagwira.

Ndiye ndingotenga mndandanda wa mbuku nkuusokoneza basi?

Apa ndi pomwe ambiri timagwera, ine ndemwe. Buku limalemba masitepe ndi manambala 1, 2, 3 chifukwa pepala limafuna kuti china chikhale pamwamba china pansi, si kuti nambala iliyonse ili ndi chifukwa ayi. Ndiye musanasokoneze kalikonse, tengani masitepe awiri oyandikana nkudzifunsa kuti, ndikawatembenuza awiriwa chioneke nchani? Ngati mungayankhe ndi chiganizo chimodzi chomveka, dongosolo limenelo ndi lenileni ndipo mutha kulifunsa. Ngati yankho lanu ndi loti "mbuku alemba choncho", sitepe imeneyo ichotseni kapena muiphatikize ndi inzake.

Tiyeni titenge nkhani imodzi tiyende nayo mpaka kumapeto. Funso langa limati: Muli ku Mbare Musika, bambo wina wagwa pansi pafupi ndi pomwe makombi amatembenukira. Sanjani zomwe muchite. Masitepe ake molondola ndi awa:

A. Onetsetsa kuti pamalopo palibe choopsa kwa iwe ndi kwa wodwala
B. Itana wodwala mokweza ukugwedeza mapewa ake
C. Tsegula njira ya mpweya popendeketsa mutu ndi kukweza chibwano
D. Yang'ana ndi kumvetsera kupuma kwa masekondi osapitirira 10
E. Kankha pachifuwa maulendo 30 ndi kupumira mkamwa kawiri

Tsopano yesani kutembenuza. A ndi B: ukagwada pansi usanaone kombi ikubwerera chammbuyo, odwala akhala awiri. B ndi C: munthu akayankha ndiye kuti njira ya mpweya ndi yotseguka kale, palibe chomugwirira mutu. C ndi D: munthu wokomoka atagona chagada lilime limagwera kumbuyo nkutseka kukhosi, ndiye ukamvetsera usanatsegule uganiza kuti sakupuma pomwe mpweya ukungosowa podutsa. D ndi E: sitikankha pachifuwa munthu amene akupuma bwino. Malumikizidwe onse anayi ali ndi chifukwa, funso ili likhoza kuima.

Nanga kuimbira ambulansi kuli kuti? Mwaiwala?

Sindinaiwale, ndinachotsa dala, ndipo ndinaphunzira movutikira. Chaka choyamba ndinaika "imbira ambulansi" ngati sitepe ya chisanu ndi chimodzi. Tsiku lobweza mapepala kunali mkangano wa dzaoneni. Mayi wina wamkulu amene anagwirapo ntchito yosamalira odwala anaimirira nkunena kuti, aphunzitsi, pa Musika anthu amakhala mazanamazana, ine ndituma mnyamata aimbe foni ndikangoona kuti bamboyo sakuyankha, ndidikire chani? Ndipo sanalakwe. Wina anaika kuimba atayang'ana kupuma, nayenso sanalakwe, chifukwa ukakhala wekha umafuna uwauze a ambulansi ngati munthuyo akupuma kapena ayi. Mabuku nawo amasiyana pa malo a sitepe imeneyi.

Sitepe yoyandama chonchi malo ake ndi mu nkhani ya funso. Pano ndimalemba kuti "mnzanu ali kale pa foni kuimbira ambulansi", basi mkangano watha. Ndipo kuimba ambulansi ndimakufunsa pa funso lina lapadera, loti uli wekha kapena uli ndi anthu, uimba liti.

Chinanso chofanana ndi chimenechi: bungwe la American Heart Association mu 2010 linasintha dongosolo lake kuti kukankha pachifuwa kuzibwera njira ya mpweya isanatsegulidwe, pomwe mabuku ena amayambabe ndi kutsegula njira ya mpweya poyang'ana kupuma. Wophunzira amene waonera mavidiyo a ku America pa foni asanja mosiyana ndi amene waphunzira kwa inu. Ndiye onani buku lomwe mukugwiritsa ntchito, kaya ndi la Red Cross kaya la St John, funso litsatire limenelo, ndipo pamwamba pa pepala lembani kuti mayankho atsatire zomwe taphunzira mkalasi muno.

Masitepe akhale angati?

Anayi mpaka asanu ndi limodzi. Masamu ake ndi osavuta: masitepe 3 amasanjika mnjira 6 zokha, ndiye wongolota amapeza kamodzi pa kasanu ndi kamodzi. Masitepe 4 ndi njira 24, masitepe 5 ndi 120, masitepe 6 ndi 720, ndipo 7 ndi 5040. Mukuona kuti pofika pa 5 kulota kwatha kale, kuonjezera sikukuthandizani kanthu pa nkhani ya olota. Chomwe kumachita ndi kutopetsa, makamaka pa foni pomwe masitepe 8 sakwana pa sikirini, munthu amakoka sitepe kupita nayo mmwamba nkuiwala zomwe zili pansi. Ntchito ikakhala yaitali iduleni pawiri, funso loyamba lithere pa kuyang'ana kupuma, lachiwiri liyambire pamenepo.

Ana anga onse anakhoza funsoli koma pa chidole chophunzirira kukankha pachifuwa anasokoneza. Chinachitika nchani?

Mwina funso linadziyankha lokha. Chichewa chathu chimakonda kulumikiza, timati kenako, ukatero, ukatha, pomaliza, ndipo polemba masitepe dzanja limangoika mawu amenewa osadziwa. Sitepe yomwe ikuyamba ndi mawu oti "pomaliza" aliyense aiika pansi ngakhale sanabwereko ku kalasi. Imeneyo ndi yoonekera, koma pali zina zobisika. Mukalemba "yandikira wodwala" pa sitepe imodzi kenako zina zonse nkumati "mugwedeze", "mutsegule", wochenjera aona kuti yomwe yatchula dzina lonse ndi yoyamba chifukwa ka "mu" ka pa "mugwedeze" kaja kakuloza munthu amene watchulidwa kale. Mukalemba "ngati sakupuma, kankha pachifuwa" mwamuuza kale kuti kuyang'ana kupuma kumabwera patsogolo. Onani mndandanda wanga pamwambapa, sitepe E ilibe "ngati". Zoti bamboyo apezeka kuti sakuyankha komanso sakupuma ndimaziika mu nkhani ya funso.

Njira yoyesera ndi yotchipa. Patsani funsolo munthu amene sanaphunzirepo fesiteidi, ine ndimapatsa mlamu wanga amene amakonza magalimoto. Akasanja zonse molondola ndimamufunsa kuti mwadziwa bwanji alamu, ndipo amaloza mawu enieni omwe amuuza. Ndimakonza, nkumupatsanso.

Ndipo kuno ku Harare pali vuto lina loonjezera. Ana athu ambiri anabadwira konkuno, Chichewa amachimva kwa agogo ndi kutchalitchi, pamsewu ndi Chishona, kusukulu ndi Chingerezi. Mawu ngati chibwano kapena kupendeketsa ena samawadziwa, ndiye amalakwa osati chifukwa sadziwa dongosolo koma sanamve sitepeyo. Gwiritsani mawu omwewo amene mumalankhula pophunzitsa, ndipo ngati mwamasulira pepala mzinenero ziwiri muyang'anenso zonse, chifukwa womasulira amakonda kubwezeretsa ma kenako aja kuti ziganizo zikome.

Malikisi ndipereke bwanji? Wina walakwa kamodzi kokha, ndimupatse ziro?

Ili ndi funso lomwe ndikhalitsepo chifukwa ndi pomwe pali zodabwitsa. Tigwiritse zilembo zomwe zija, yankho lolondola ndi A B C D E. Tinene kuti mtsikana wina wayankha B C D E A, kutanthauza kuti zonse wazisanja bwino koma kuyang'ana choopsa wakuika kumapeto. Mnyamata wina wayankha A B D C E, iye wangotembenuza ziwiri, wamvetsera kupuma asanatsegule njira ya mpweya.

Njira yoyamba ndi zonse kapena ziro. Onse awiri ziro, zatha. Ndi yachangu koma simuphunzirapo kanthu, ndipo amene wangolemba zilizonse akufanana ndi amene watsala pang'ono.

Njira yachiwiri, yomwe ambiri timachita osaganiza, ndi kupereka likisi pa sitepe iliyonse yomwe ili pa malo ake enieni. Mnyamata apeza 3 pa 5 chifukwa A, B ndi E zili mmalo. Mtsikana apeza ziro, eya ziro, chifukwa kusuntha A kwakankhira zonse mmwamba ndi malo amodzi, ngakhale masitepe anayi akuwadziwa bwinobwino kutsatana kwake. Ndipo wongolota pa njira imeneyi amapeza pafupifupi likisi imodzi, kaya masitepe ndi angati, ndiye mtsikana wathu wapitidwa ndi wolota.

Njira yachitatu ndi kuwerenga oyandikana, kuti kodi sitepe iliyonse yatsatidwa ndi yoyenera. Malumikizidwe alipo anayi. Mtsikana ali ndi BC, CD, DE, ndiye 3 pa 4. Mnyamata ali ndi AB yokha, chifukwa BD, DC ndi CE zonse ndi zolakwika, ndiye 1 pa 4. Mwaona? Mapepala omwewo, koma amene anali pamwamba tsopano ali pansi.

Njira yachinayi ndi kuyang'ana sitepe iliyonse ndi inzake iliyonse, osati zoyandikana zokha, nkufunsa kuti yomwe iyenera kutsogola yatsogoladi. Masitepe 5 amapanga mapeyala 10, kutanthauza magulu a masitepe awiriawiri. Mnyamata walakwa peyala imodzi yokha, C ndi D, ndiye 9 pa 10. Mtsikana walakwa anayi, A ndi B, A ndi C, A ndi D, A ndi E, ndiye 6 pa 10. Imeneyi kwa ine ndi yomwe imafanana ndi chilungamo, chifukwa sitepe ikapita kutali ndi kwawo chilango chimakula. Kuipa kwake nkoti wolota amapeza pafupifupi theka, ndiye 5 pa 10 pano si kukhoza ayi, malire okhozera muwakweze. Komanso kuwerenga mapeyala 10 pa mapepala 30 ndi manja, usiku magetsi atathima, si zocheza.

Ndiye inuyo mumagwiritsa iti?

Pa kompyuta ndimasankha ya mapeyala onse ija. Pa pepala ndimachita yanga, yomwe imachokera pa zifukwa zija tinapeza poyamba. Ndimalemba malamulo ochepa ndisanaone pepala la aliyense: A ikhale yoyamba, malikisi 2. B ibwere C isanafike, 1. C ibwere D isanafike, 1. D ibwere E isanafike, 2. Zonse 6. Mtsikana apeza 4, mnyamata apeza 5, ndipo kuchonga kumatenga masekondi ochepa chifukwa ukungoyang'ana zinthu zinayi.

Chifukwa chomwe ndimalemeretsa A komanso D ndi E nchoti masamu sadziwa kuti kulakwa kwina kumapha, kwina kumangochedwetsa. Mu mayeso omaliza, amene waphonya limodzi mwa malamulo a malikisi 2 aja ndimamubweza pa chidole abwereze, ngakhale malikisi ake onse akhale okwera bwanji. Ndipo ophunzira ndimawauziratu kachongedwe mayeso asanayambe, apo ayi mudzakhala ndi mzere wa anthu pakhomo la holo aliyense ndi pepala mmanja.

Kodi ndingaikemo sitepe yabodza kuti ndiwakole?

Mungathe, koma muwauze. Lembani kuti "imodzi mwa izi siyenera kuchitika, ichotseni, zotsala musanje". Ndipo yabodzayo ikhale chinthu chomwe anthu amachitadi, monga kumuthira madzi kumaso wokomoka kapena kumumwetsa madzi, osati zoseketsa zoti aliyense angoona nkuseka. Musaike osanena, chifukwa wophunzira amakhulupirira kuti zonse zomwe aphunzitsi alemba ndi zoona, ndiye aipezera malo, ndipo mawa adzakumbukira kuti kumwetsa madzi kunali pa mndandanda wa aphunzitsi. Mapulogalamu ambiri osanjira salola kusiya sitepe panja, ndiye kumeneko ingopangani funso lina lapadera.

Kupsa ndi moto ndi kutuluka magazi mmphuno, nazonso ndingapangire funso losanja?

Kupsa kumavuta. Mtima wa nkhani ndi kuthira madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, ndipo kuvula mphete kapena wotchi malo asanatupe kumachitika madzi akuthiridwa, nthawi imodzi. Zochitika pamodzi sizisanjika. Chomwe chili ndi dongosolo lenileni ndi kuchotsa munthu pa moto, kuziziritsa, kenako kuphimba, masitepe atatu okha. Ndipo kulakwa kwa anthu athu pa kupsa si dongosolo, ndi kupaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira, komanso kuthira madzi mphindi ziwiri nkusiya. Zimenezo zimagwidwa ndi funso la sankhani yankho. Magazi a mmphuno chimodzimodzi, funso lenileni ndi loti mutu uweramire kutsogolo kapena kumbuyo, palibe chosanja pamenepo.

Kutsamwa ndiye kumakwana bwino: kulimbikitsa munthu kutsokomola, kumenya kumsana kasanu, kukankha pamimba kasanu, ndipo sitepe iliyonse imabwera chifukwa yapitayo yalephera.

Ndilibe kompyuta, ndili ndi foni basi. Zitheka?

Zitheka, ndipo njira yomwe ndimaikonda kuposa zonse ilibe foni nkomwe. Dulani katoni tizidutswa, sitepe imodzi pa kachidutswa, gulu la anthu atatu liyale pa benchi. Mukamazungulira mumamva mikangano yawo, ndipo mkanganowo ndi womwe umakuuzani zomwe akuganiza, pepala silingakuuzeni.

Pa WhatsApp mumatumiza masitepe osokonezedwa ndi zilembo, iwo nkuyankha mzere umodzi ngati D A E B C, koma akutumizireni kumbali, osati pa gulu, apo ayi onse akopera woyamba. Zilembozo muziike mutasokoneza kale, pano ndaika A mpaka E motsatana kuti tizimvana chabe. Ndipo kusokonezako muyang'ane, pasakhale masitepe atatu omwe atsala motsatana, komanso musangotembenuza mndandanda kuchokera pansi, ana amazindikira msanga.

Google Forms ilibe funso losanja lenileni. Anthu amagwiritsa `Multiple choice grid`, masitepe mmizere, manambala a malo pamwamba, nkutsegula `Limit to one response per column` kuti masitepe awiri asatenge malo amodzi. Dziwani kuti ikamachonga imayang'ana mzere uliwonse pawokha, ndiye ndi njira yachiwiri ija yomwe inapatsa mtsikana ziro. Moodle, pulogalamu yophunzitsira pa intaneti, ili ndi funso lotchedwa `Ordering`, lomwe kuyambira pa 4.4 limabwera lili momwemo, ndipo pa `Grading type` mumasankha kachongedwe, muli `All or nothing`, `Absolute position`, ya oyandikana, ya mapeyala onse ndi zina. Imodzi yoti musamale nayo ndi `Longest ordered subset`, yomwe imawerenga masitepe ochuluka omwe ali mu dongosolo, chifukwa pa ana athu awiri aja onse ali ndi masitepe anayi otere, ndiye woiwala choopsa afanana ndi mnzake. Musanapereke kwa kalasi, lowani ngati wophunzira, yankhani molakwa dala ndi mayankho awiri aja, muone malikisi omwe atuluke. Yesaninso pa foni yaing'ono, kukoka ndi chala pa sikirini yosweka kumasuntha sitepe yomwe sunafune.

Ndidziwa bwanji kuti vuto ndi funso langa osati ophunzira?

Mukatha kuchonga musangolemba malikisi mbuku. Tengani pepala, lembani malamulo anu aja, ndipo pa lililonse muike kamzere nthawi iliyonse yomwe wina waphonya. Ngati timizere tamwazikana paliponse, kalasi sinamve phunziro, bwerezani. Ngati tonse taunjikana pa peyala imodzi, yang'anani kuti aphonya ndani. Akakhala aja osabwerabwera ku kalasi, funso likugwira ntchito yake. Koma akakhala akatswiri anu, aja amene pa chidole salakwa, imani kaye. Itanani awiri muwafunse chifukwa chake. Kawirikawiri mupeza kuti mwina sitepeyo imamveka pawiri, kapena munaphunzitsa mosiyana ndi mmene munalembera, kapena dongosolo lawo nalonso ndi lovomerezeka ngati mayi wa ambulansi uja. Zikatero bwezani malikisi kwa onse, funsolo mulikonze.

Amene wakhoza funsoli ndiye kuti watha fesiteidi?

Ayi ndithu. Funso losanja limangoona ngati dongosolo lili mmutu munthu atakhala phee pa benchi, masitepe onse ataikidwa kale pamaso pake. Pa Musika palibe amene adzamupatse mndandanda. Silingaone ngati akukankha mozama masentimita 5 mpaka 6, kapena ngati liwiro lake likufika 100 mpaka 120 pa mphindi, kapena ngati zigongono zawongoka, zimenezo ndi za pa chidole inu mutaima pambali ndi wotchi. Ine funso losanja ndimalipereka pakati pa kosi, sabata yomwe tisanapite pa chidole, kuti ndidziwiretu amene ndikamuyang'anitsitse. Sabata yotsatira ndimawapatsa pepala lopanda kanthu kuti alembe okha masitepe onse kuchokera mmutu, ndipo pamenepo sitepe A imasowa pa mapepala ambiri ndithu, ngakhale a aja amene anaiika pamwamba sabata yapitayo.